Sipika ya foni ikamang'amba mawu: yambani ndi kutsitsa, osati kukweza

Alamu anga amamvetsera maulaliki ndi mapodikasiti a zaulimi pa foni akamasoka pakhonde. Tsiku lina anandipatsa foniyo atakhumudwa. “Alamu, foni iyi yatha. Ndikatsitsa sindikumva zimene akunena, ndikakweza ikungolira ngati chitini.” Anali atafunsa kale mtengo wa sipika yatsopano kwa okonza mafoni. Nditatsegula ikwalaiza, malo a m'foni osinthira besi ndi kuthwa kwa mawu, ndinapeza mabatani awiri akumanzere atakokedwa mpaka pamwamba, lakumanja kwenikweni nalonso lili m'mwamba, ndipo `Bass Boost` inali yoyatsa. Mwana wawo ndiye anachita zimenezo pofuna kuti nyimbo zizigunda. Sipika inalibe vuto lililonse.

Vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri, ndipo gwero lake limakhala lomwelo: munthu amafuna kuti kasipika kochepa ngati chikhadabo katulutse mawu amene sikangathe, kenako kamalephera ngakhale amene kakanatha.

Chimene kasipikako kangathe

Mkati mwa sipika ya foni muli kachikopa kopyapyala kamene kamakankha mpweya, monga chimachitira chikopa cha ng'oma. Aliyense amene anaonapo ng'oma zikuimbidwa amadziwa kuti mawu akulu, ogunda pamtima, amachokera ku ng'oma yaikulu. Kang'oma kakang'ono, ngakhale mukamenye ndi mphamvu zanu zonse, kamangolira mokwera. Mukakakamiza, chikopa chimang'ambika.

Manambala amene mumaona pansi pa mabatani a ikwalaiza, monga 60 Hz kapena 910 Hz, amanena kuti mpweya ukunjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Nambala ikakhala yaing'ono, mawuwo ndi a besi. Ikakhala yaikulu, ndi mawu oonda, okwera. Pamene palembedwa kHz, ndiye kuti nambalayo ndi ya masauzande. Sipika zambiri za mafoni zimagwira bwino kuyambira cha pa 800 kapena 1000 Hz kupita m'mwamba. Kutsika pamenepo mphamvu yake imachepa msanga, ndipo pofika pa 100 Hz palibe chomveka chimene chimatsala.

Chifukwa chake n'chakuti nambala ikatsika ndi theka, kachikopa kamayenera kuyenda mtunda wochuluka kanayi kuti mawu amveke mofanana. Kuchoka pa 800 kufika pa 400 ndi kanayi. Kufika pa 200 ndi ka 16, pa 100 ndi ka 64, ndipo pa 50 Hz, pomwe pamakhala kugunda kwa ng'oma yaikulu ya bandi, ndi ka 256. Koma kachikopa ka foni kamayenda mtunda wosakwana milimita imodzi. Choncho mukakweza batani la 60 Hz simukuwonjezera besi. Mukungokakamiza kachikopa kugwedezeka mpaka kumapeto kwa malo ake popanda chomveka, ndipo mawu a munthu, amene akudutsa pa kachikopa komweko, amatuluka atapindika.

Pali chinthu chachiwiri chimene anthu ambiri chimawadabwitsa: kukweza besi kumachepetsa voliyumu. Mawu a m'foni ali ndi denga limene sangadutse, ndipo nyimbo za masiku ano zimajambulidwa zitafika kale pafupi ndi dengalo. Mukawonjezera ma dB 10 pa batani limodzi, dB kukhala muyeso wa kukwera kwa mawu, foni imasankha chimodzi mwa ziwiri. Ikhoza kudula nsonga za mawu amene adutsa denga, ndipo kumeneko ndiye kung'ambika kumene mumamva. Apo ayi, imatsitsa mawu onse kuti besi yanuyo ikwane pansi pa denga, ndipo kumeneko ndiye kuchepa kwa voliyumu. Mafoni ambiri alinso ndi chotetezera sipika chimene chimatsitsa mawu chikaona kuti kachikopa kakuyenda kwambiri kapena kakutentha. N'chifukwa chake nthawi zina mumamva woimba akuzimirira ng'oma ikagunda, n'kubwereranso, ngati wina akusewera ndi voliyumu.

Musanakhudze ikwalaiza

Pa mafoni amene anthu amandibweretsera, ambiri vuto lake silikhala la ikwalaiza n'komwe, ndiye ndi bwino kupatula kaye. Zimatenga mphindi zochepa.

Zimitsani zonse zosintha mawu. Ikwalaiza ikhale pa `Flat` kapena `Normal`, ndipo `Bass Boost`, `Virtualizer`, `Surround` ndi zina zotere zikhale zozima. Onani malo awiri kapena atatu, chifukwa foni imakhala ndi ikwalaiza yake, pulogalamu yoimbira nyimbo imakhala ndi yake, ndipo mwina munaikanso pulogalamu ina yokwezera voliyumu n'kuiwala. Zikagwira zonse pamodzi zimasanjikizana: ma dB 6 apa ndi ma dB 6 apo akwana 12. Kenako ikani voliyumu pakatikati ndipo mumvetsere munthu akulankhula, wojambulidwa bwino, monga wowerenga nkhani wa wailesi.

Ngati mawu ayera, sipika ndi yabwino ndipo vuto linali m'zimene mwazimitsazo. Ngati akung'ambikabe, lumikizani mahedifoni n'kumvetsera malo omwewo. Akang'ambikanso m'mahedifoni, vuto lili mu fayiloyo, inajambulidwa choncho, ndipo palibe batani limene lingaichiritse. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi maulaliki ojambulidwa ndi foni pafupi ndi zokuzira mawu za m'tchalitchi. Koma ngati m'mahedifoni muli bwino pamene pa sipika pakunjenjemerabe ngakhale voliyumu ili pakati, ndiye kuti vuto lili pa sipika penipeni.

Apa yambani ndi kuchotsa kava. Kava yokhwepa, kapena chivindikiro chakumbuyo chimene chayamba kumatuka, zimanjenjemera pamodzi ndi mawu. Mukafinya foni ndi zala n'kumva phokosolo likusiya, mwalipeza. Kenako yang'anani timabowo ta sipika powala. Fumbi losakanikirana ndi thukuta limauma n'kutseka kasefa ka mkati, ndipo mawu amamveka ngati akuchokera pansi pa bulangeti. Amene amagwira ntchito ku chigayo amalidziwa vutoli. Owotcherera zitsulo ali ndi lawo: m'sipika muli maginito, ndipo amakoka tizidutswa ta chitsulo timene timakakamira pa kachikopa n'kumalira. Tsukani ndi mswachi wofewa, wouma, timabowoto titaloza pansi kuti zinyalala zigwe. Singano kapena waya musalowetsemo, chifukwa mukaboola kasefa kapena kachikopa ndiye kuti mwagula sipika yatsopano. Ngati foni inanyowa, idikireni iume. Madzi akakhala pa kasefa mawu amasasa kwa maola angapo kenako n'kubwerera okha.

Mukachita zonsezi koma kunjenjemera kulipobe pa voliyumu yapakati, sipikayo yaonongeka ndipo muyenera kupita nayo kwa okonza. Kutsitsa mabatani a besi kungachepetse phokosolo kwa masiku angapo, koma si mankhwala.

Mawu a munthu wolankhula

Tibwerere ku foni ya alamu anga. Ikwalaiza yake ndi ija imene imapezeka pa mafoni ambiri a Android, ya mabatani asanu: 60 Hz, 230 Hz, 910 Hz, 3.6 kHz ndi 14 kHz, lililonse lotha kukwera kapena kutsika mpaka ma dB 15. Nditaika zonse pa ziro mawu anakwera nthawi yomweyo, kung'ambika n'kutha. Koma mlalikiyo anali bambo wa mawu akulu, wolankhula atayandikitsa pakamwa ku maikolofoni, ndipo pa voliyumu yokwera foni inkagwedezekabe m'manja, mawu ena n'kumamezeka.

Kuti mudziwe choti muchite, muyenera kudziwa komwe tanthauzo la mawu limakhala. Tsinde la mawu a bambo limakhala cha pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mayi cha pakati pa 165 ndi 255 Hz. Foni siitulutsa tsinde limeneli, komabe mumazindikira kuti akulankhula ndi bambo, chifukwa pamwamba pa tsindelo pamakhala mawu ena obwereza, owirikiza kawiri, katatu, kanayi n'kumapita, ndipo khutu limatenga amenewo n'kudzaza lokha chimene chikusowa. Matelefoni akale ankangotumiza mawu a pakati pa 300 ndi 3400 Hz, ndipo anthu ankamvana bwinobwino. Ngakhale kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene m'Chichewa kumasiyanitsa mtengo wa m'munda ndi mtengo wa pamsika sikutayika, chifukwa obwereza aja amakwera ndi kutsika limodzi ndi tsinde.

Zimene zimatayika msanga ndi timawu tofooka toyambira mawu. Kusiyana kwa “kukala” ndi “kukhala”, kapena “pala” ndi “phala”, ndi kampweya kochepa chabe. Kusiyana kwa “kusula” ndi “kufula” kuli m'kamkokomo koonda ka pa mano ndi pamilomo. Zambiri mwa zimenezi zimakhala kuyambira cha pa 2 kHz kupita m'mwamba, ndipo n'zopanda mphamvu poyerekeza ndi mavawelo. Mawu akulu a m'munsi akachuluka amaziphimba. Munthu akamati “ndikumva kuti akulankhula koma sindikumva chimene akunena”, kawirikawiri ndi zimenezi.

Ndinasankha kachigawo ka masekondi 20 pomwe mlalikiyo amalankhula mofulumira, n'kumakabwereza, voliyumu ili pomwe alamu amaiika nthawi zonse. Kubwereza malo amodzi n'kofunika, chifukwa mukamasintha batani mawu akupitirira simudziwa ngati chasintha ndi batanilo kapena mlalikiyo wangokweza mawu. Ndipo batani limodzi pa nthawi imodzi.

Ndinayamba ndi 60 Hz, kulitsitsa mpaka -10. Palibe chimene chinasowa m'mawu, koma kugwedezeka kwa m'manja kunachepa, ndipo kuphulika kumene kumamveka munthu akatchula “ph” pafupi ndi maikolofoni kunasiya kugwetsa voliyumu. Pa mafoni ena simudzamva kusintha kulikonse mukatsitsa batani limeneli, chifukwa opanga anachotseratu mawu a m'munsiwo asanafike ku sipika. Zikatero palibe cholakwika, lisiyeni pansi n'kupitirira.

Batani la 230 Hz ndi limene limafuna khutu. Nditalitsitsa mpaka -8 mawu anayera koma anaonda kwambiri, ngati munthu akulankhula atatsina mphuno. Pa -2 kumezeka kunalipobe. Ndinaima pa -4. Wolankhula akakhala mayi kapena mwana, nthawi zambiri -2 imakwana, chifukwa mukapitirira mumachotsa kathupi kochepa kamene mawu ake atsala nako.

La 910 Hz sindinalikhudze. Pamenepo ndi pomwe sipika ya foni ili ndi mphamvu zake zambiri, komanso ndi pomwe kachikopa kamayenda mosavuta, choncho kulikweza kumabweretsa mawu a m'chitini, ndipo kulitsitsa kwambiri kumachotsa voliyumu imene mukuifuna. Ngati chojambulacho chinachitikira m'chipinda chopanda kanthu, cha makoma a simenti, mawu n'kumamveka ngati a m'mgolo, kutsitsa ndi ma dB 2 kumathandiza pang'ono.

Pomaliza ndinafika pa 3.6 kHz. Pa +5 mawu onse anamveka, koma “s” ndi “ts” zinayamba kulasa m'khutu. Khutu la munthu limamva kwambiri cha pakati pa 2 ndi 5 kHz, ndipo sipika zambiri za mafoni n'zakuthwa kale pamenepo, ndiye pang'ono pokha pamakwana. Ndinabwerera pa +2. La 14 kHz ndinalitsitsa pang'ono chifukwa chojambulacho chinali ndi mkokomo wa “sss” kumbuyo, ndipo m'mawu a munthu mulibe chofunika kwenikweni kumtunda kumeneko. Zinathera apa:

```
60 Hz    -10 dB
230 Hz    -4 dB
910 Hz     0 dB
3.6 kHz   +2 dB
14 kHz    -2 dB
```

Onani kuti pa mabatani asanu, lokwera ndi limodzi, ndipo lakwera ndi ma dB awiri okha. Manambalawa ndi poyambira; foni yanu ndi mawu amene mukumvera zikhoza kufuna kusuntha ndi 1 kapena 2 uku kapena uko. Njira yodziwira kuti mwakonza kapena mwaononga ndi kuzimitsa ikwalaiza n'kuiyatsanso pa kachigawo komwe kaja. Samalani ndi msampha umodzi: chilichonse chokwera voliyumu chimamveka ngati chabwino poyamba. Funso lofunika ndi lakuti, kodi ndikumva mawu ambiri popanda kutchera khutu mwamphamvu? Ndipo pakatha mphindi khumi, khutu latopa kapena ayi?

Ngati ikwalaiza yanu ili ndi mabatani ambiri, monga ya mafoni a Samsung imene ili ndi asanu ndi anayi kuyambira 63 Hz mpaka 16 kHz, maganizo ndi omwewo. Tsitsani kwambiri 63 ndi 125, tsitsani pang'ono 250, siyani 500 ndi 1k, kwezani 2k ndi 4k pang'ono zedi. Ubwino wa mabatani ambiri ndi wakuti “s” akamalasa mungathe kutsitsa 8k yekha osakhudza 2k.

Nyimbo

Pa nyimbo m'pamene mtima umafunitsitsa kukweza besi, ndipo m'pamenenso zimaononga kwambiri, chifukwa nyimbo zovinira za masiku ano zili ndi besi yambiri pansi pa 100 Hz. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimalira pa 41 Hz. Palibe foni imene ingatulutse zimenezo pa sipika yake. Zimene mumamva ngati besi pa foni ndi obwereza aja: kulira kwa chala pa chingwe ndi thupi la gitala, cha pakati pa 200 ndi 1000 Hz, komanso kakugunda ka ndodo pa chikopa cha ng'oma, kamene kali kumtunda cha pa 2 mpaka 4 kHz.

Choncho pa nyimbo batani la 60 Hz litsikebe, koma la 230 Hz musalitsitse ngati pa ulaliki, chifukwa kutentha kochepa kumene foni ingapereke kuli pamenepo. Pa foni ya alamu ndinasunga izi ngati zachiwiri, za mwana uja:

```
60 Hz     -6 dB
230 Hz    +1 dB
910 Hz     0 dB
3.6 kHz   -2 dB
14 kHz     0 dB
```

Kutsitsa 3.6 kHz kungaoneke kodabwitsa, koma yesani. Khutu limayeza besi poiyerekeza ndi mawu okwera. Mukachepetsa kuthwa, nyimbo imamveka yodzaza ngakhale simunawonjezere kalikonse m'munsi, ndipo mungathe kukweza voliyumu sitepe imodzi osalasidwa m'khutu. Imeneyi ndi njira imodzi yopezera zofanana ndi besi imene siivutitsa kachikopa.

Nyimbo za kwaya zili ndi vuto lake. Mawu ambiri akakumana pa noti yaitali, mphamvu yake imaunjikana cha pomwe sipika imanjenjemera mosavuta, ndipo foni imayamba kulira pa manoti ena okha, ena ayi. Mukamva zimenezi tsitsani 910 Hz ndi ma dB 2 kapena 3, kapena mungotsitsa voliyumu sitepe imodzi. Masitepe awiri omaliza a voliyumu pa mafoni ambiri sawonjezera zambiri, amangopanikiza mawu.

Batani la 14 kHz lisiyeni pa ziro pokhapokha fayilo ili yabwino. Nyimbo zimene zadutsa m'mafoni ambiri, kapena zoikidwa pa memore khadi zitafinyidwa kuti zikwane zambiri, zimakhala zitadulidwa kale kumtunda. MP3 ya 128 kbps nthawi zambiri imathera cha pa 16 kHz, ndipo yofinyidwa kuposa pamenepo imathera m'munsi kwambiri. Mukakweza batanilo pa fayilo yotere mumangokweza mkokomo ndi kaphokoso konga madzi kamene kamamveka pa zitsulo za ng'oma.

Mapulogalamu ena, monga VLC ndi Poweramp, ali ndi batani lina lolembedwa `Preamp`. Limeneli limakweza kapena kutsitsa mawu onse asanalowe mu ikwalaiza. Lamulo lake ndi losavuta: ngati batani limene mwakweza kwambiri lili pa +3, tsitsani `Preamp` ndi ma dB atatu kuchoka pomwe linali. Mukatero nsonga za mawu sizigunda denga lija. Anthu ambiri amalikweza poganiza kuti ndi voliyumu yowonjezera, ndipo kung'ambika kumayambira pomwepo, ngakhale voliyumu ya foni ili pansi. Chimenecho ndi chizindikiro chake: mawu akang'ambika mofanana pa voliyumu yotsika ndi yokwera, kudulako kukuchitikira m'pulogalamu, osati pa sipika.

Za mayina okonzeratu, `Rock`, `Dance`, `Hip Hop` ndi `Bass Booster` anapangidwira mahedifoni ndi masipika aakulu, ndipo onse amakweza besi. Pa sipika ya foni apeweni. Pa iPhone, pomwe ikwalaiza ya pulogalamu ya Music ilibe mabatani koma mayina okha, yesani `Bass Reducer` kapena `Spoken Word`. Palinso `Small Speakers`, koma iyi imakweza mawu a m'munsi pofuna kuthandiza timasipika ta patebulo, choncho pa foni yeniyeni imvetsereni kaye pa voliyumu yokwera musanaikhulupirire chifukwa cha dzina.

Podikasiti: pomwe ikwalaiza siithandiza

Pa podikasiti yambani ndi manambala a ulaliki aja. Koma dandaulo lalikulu pa mapodikasiti ndi lina: wofunsa akumveka bwino, mlendo amene akulankhula pa lamya sakumveka, mukakweza kuti mumve mlendo, nyimbo yapakati imakudzidzimutsani. Limeneli si vuto la besi kapena kuthwa. Ndi kusiyana kwa voliyumu pakati pa zigawo, ndipo ikwalaiza imakweza wofuula ndi wonong'ona mofanana.

Chofunika apa ndi chinthu chimene chimakweza mawu ofooka n'kugwira amphamvu kuti asapitirire. Mapulogalamu ena a mapodikasiti ali nacho: mu Pocket Casts ndi `Volume Boost`, mu Overcast ya iPhone ndi `Voice Boost`. Pa mafoni amene ali ndi `Dolby Atmos`, kusankha `Voice` kumabweretsa mawu a munthu patsogolo. Mukayatsa chimodzi mwa zimenezi, bwezani kaye 3.6 kHz pa ziro n'kumvetsera, popeza zina zimawonjezera kale kuthwa, ndipo mukasanjikiza “s” amabwerera.

Zimenezi n'zosiyana ndi mapulogalamu olonjeza kukweza voliyumu kufika 200 peresenti. Sipika singadutse malire ake. Mapulogalamuwo amangokankhira mawu onse kudenga. Pa podikasiti yojambulidwa motsika kwambiri, kuwonjezera pang'ono kumathandiza chifukwa malo analipo. Pa nyimbo, zimene zili kale padenga, mumapeza kung'ambika ndi sipika yotentha.

Ngati foni yanu ili ndi masipika awiri, wapansi ndi wa pakhutu, ndipo wolankhula mmodzi akumveka motsika nthawi zonse, mwina ojambula anaika mmodzi kumanzere wina kumanja, ndipo mmodziyo wagwera ku sipika yofooka. Pitani ku `Accessibility` muyatse `Mono audio`. Ndipo ngati mumamvera pa liwiro la `1.5x`, bwererani pa `1x` kapena `1.2x` musanaimbe mlandu sipika, chifukwa kufulumizitsa kumafupikitsa timawu tofooka tija.

Mabatani akusuntha koma palibe chikusintha

Kuti mutsimikize, tsitsani 910 Hz mpaka pansi penipeni mawu akuimba. Ngati ikwalaiza ikugwira, mawu asintha moti simungakayike. Ngati sanasinthe, zifukwa zake zimakhala zitatu.

Choyamba, ikwalaiza ya m'pulogalamu imagwira m'pulogalamu momwemo basi. Ya VLC siikhudza YouTube kapena WhatsApp, ndipo ya Music pa iPhone siikhudza Spotify, imene ili ndi yakeyake. Chachiwiri, pa Android ikwalaiza zochita kuika zimadalira kuti pulogalamu yoimbayo ilengeze kuti yayamba kuimba, ndipo mapulogalamu ena salengeza. Ena mwa maikwalaizawa ali ndi njira yogwirira mawu onse a foni, monga `Legacy mode` mu Wavelet, koma siigwira pa mafoni onse. Chachitatu, mafoni ena amalola zosintha mawu pokhapokha mwalumikiza mahedifoni, ndipo mabatani amaoneka otuwa mukakhala pa sipika.

Ikwalaiza ikamagwira kwa mphindi zochepa kenako mawu n'kubwerera mwakale, makamaka sikirini ikazima, ndiye kuti chosungira batire chatseka pulogalamuyo. Lowani m'zosankha za batire muilole kugwira ntchito kumbuyo. Kuimba foni sikudutsa mu ikwalaiza konse. Ndipo uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ukatsika mwadzidzidzi sikirini n'kuzima, si ikwalaiza: chala kapena kava yaphimba kadiso ka pamwamba pa foni, ndipo foni yaganiza kuti mwaiika pakhutu, n'kusamutsira mawu ku kasipika kakang'ono.

Kumbukiraninso kuti manambala onsewa ndi a sipika ya foni. Mukalumikiza mahedifoni kapena sipika ya Bluetooth, zimenezo zimatha kutulutsa besi, ndipo ndi 60 Hz ili pa -10 nyimbo zidzamveka zoonda. Sungani zosankha zanu ndi mayina, china cha sipika, china cha mahedifoni, ngati ikwalaiza yanu ikulola.

Chomaliza chimene ndinasintha kwa alamu sichinali m'foni. Ankaiika pa mulu wa nsalu kumapeto kwa tebulo, mbali ya sipika itakwiririka, pafupifupi mamita awiri kuchoka pomwe amakhala, makina osokera ali pakati. Panja, mtunda ukachepa ndi theka mawu amakwera ndi ma dB pafupifupi 6, zomwe ikwalaiza singakupatseni popanda kung'amba. Tinaisuntha kufika mita imodzi, pa thabwa louma, timabowo ta sipika titaloza kwa iwo, khoma lili kumbuyo kwake. Thabwa ndi khoma zimabweza mawu amene akanamwazika, ndipo zimawonjezera kathupi pang'ono m'munsi. Iwo anafunsa za kuika foni m'kapu, monga amachitira ambiri. Kapu imakwezadi mawu, koma imakweza kachigawo kamodzi kokha, ndipo mawu a m'mgolo aja amabwera. Mbale yotakata imachita bwino kuposa kapu yakuya. Pa thabwa paja voliyumu inatsika masitepe awiri kuchoka pamapeto, ndipo ulaliki unkamveka makina akusoka.